Ndinaletsa koma akundidulabe ndalama: mafunso ndi mayankho

Mafunso ali m'munsimu ndi amene anthu amafunsa mobwerezabwereza akaona kuti chinthu chimene analembetsa kuti azilipira mwezi ndi mwezi, chija ambiri timangoti sabusikiripishoni, chikupitirizabe kudya ndalama zawo ngakhale anachiletsa. Chikhoza kukhala makanema a pa intaneti, nyimbo, maphunziro, apu ya pafoni kapena malo ochitira masewera olimbitsa thupi. Nkhani yonse yagona pa tsiku limene munaletsa, malo amene munaletsera, ndi umboni umene muli nawo m'manja.

Ndinachotsa apu ija pafoni. Bwanji akundidulabe?

Chifukwa kuchotsa apu si kuletsa mgwirizano. Mgwirizano wolipira sukhala m'foni mwanu, umakhala pa akaunti yanu kwa amene munamupatsa nambala za khadi. Zili ngati munthu amene wasamuka m'nyumba ya lendi usiku n'kutaya kiyi kutchire: mwininyumba sakudziwa kanthu, ndipo kutha kwa mwezi abwera kudzafuna lendi yake.

N'chimodzimodzinso kutuluka mu akaunti, kusintha foni, kapena kungosiya kugwiritsa ntchito chinthucho. Ngakhale kufufuta akaunti ya mu apu nthawi zina sikuimitsa malipiro, ngati amene amatolera ndalamazo ndi Google kapena Apple.

Ndingadziwe bwanji amene akundidula ndalama kwenikweni?

Yang'anani sitetimenti ya ku banki kapena uthenga umene umabwera pafoni ndalama zikatuluka, muwerenge dzina limene lalembedwa pa mzere wa malipirowo. Mukaona dzina loyamba ndi `GOOGLE*`, ndalamazo zikudutsa pa Google Play. Mukaona `APPLE.COM/BILL`, ndi Apple. Mukaona `PAYPAL *`, munalembetsa kudzera pa PayPal. Koma mukaona dzina la kampani yeniyeniyo, ndiye kuti munaika khadi lanu pa webusaiti yawo mwachindunji.

Zimenezi n'zofunika chifukwa mgwirizano umaletsedwa pamalo pomwe ndalama zikutoleredwa. Anthu ambiri amalembera eni ake apu kuti aleke kuwadula, eni akewo n'kuyankha mwaulemu kuti amva, koma malipiro n'kumapitirira, poti mgwirizanowo uli m'manja mwa Apple ndipo eni apu alibe batani louimitsira.

Dzina la pa sitetimenti likakhala lachilendo, musathamangire kunena kuti mwaberedwa. Makampani ambiri amatolera ndalama m'dzina la kampani ina yaikulu imene ili pamwamba pawo. Fufuzani mu imelo yanu polemba kuchuluka kwa ndalamazo kapena mawu ngati `receipt` ndi `subscription`, ndipo kawirikawiri lisiti limapezeka.

Kuletsa kwenikweni kumachitika bwanji?

Pafoni ya Android tsegulani Play Store, dinani chithunzi cha akaunti yanu pamwamba, kenako tsatani njira iyi:

```
Payments & subscriptions > Subscriptions > Cancel subscription
```

Pa iPhone lowani mu `Settings`, dinani dzina lanu pamwamba, kenako `Subscriptions`, sankhani chimene mukufuna kuletsa n'kudina `Cancel Subscription`. Pa PayPal fufuzani pamene palembedwa `Automatic payments`. Ngati munalembetsa pa webusaiti ya kampani, lowani mu akaunti yanu kumeneko, makamaka pakompyuta kapena pa burawuza, chifukwa makampani ena saika batani loletsera mu apu.

Musachoke mpaka mutaona mawu osonyeza kuti zatheka. Sikirini iyenera kusintha: pamene panalembedwa tsiku la malipiro otsatira pazioneka tsiku limene mgwirizano uthere. Ngati pakuonekabe `Renews on` kapena `Next payment`, simunaletse.

Ndinaletsadi, koma andidulanso. Chachitika n'chiyani?

Apa ndi pofunika kudekha, chifukwa yankho lake ndi limene likuuzeni ngati muli ndi ufulu wofuna ndalama zanu kapena ayi.

Chimene chimachitika kawirikawiri n'chakuti munthu sanafike kumapeto. Makampani ambiri amaika masitepe angapo dala: amakufunsani chifukwa chimene mukuchokera, n'kukuonetsani mtengo wotsika, n'kukufunsanso ngati mwatsimikiza. Munthu akadina koyamba amaganiza kuti wamaliza, pomwe batani lomaliza lili pansi pa tsamba m'malemba aang'ono otuwa. Pena batani lalikulu lowala limakhala loimitsa kaye kwa mwezi umodzi kapena iwiri, `Pause`, ndipo nthawiyo ikatha malipiro amayambiranso okha. Ife timaona kuti kachitidwe kameneka n'kachinyengo, ngakhale kampani inene kuti munadina nokha.

China ndi kukhala ndi maakaunti awiri. Munalembetsa kalekale ndi imelo yakale, kenako munatsegula akaunti ina ndi imelo yatsopano kapena nambala ya foni, ndipo mwaletsa pa ina pomwe ikudula ndi inayo. Izi zimachitikanso m'banja, mwana kapena mchimwene akalembetsa pa akaunti yake pogwiritsa ntchito khadi lanu. Chizindikiro chake n'chakuti tsiku limene ndalama zikudulidwa silikugwirizana ndi tsiku la mgwirizano umene munaletsa.

Pali nkhani ya nthawi. Mukaletsa pa tsiku lenileni la malipiro, zikhoza kuchitika kuti ndalama zatuluka kale, makamaka poti kampani ya kunja imawerengera nthawi ya kwawo. Apple imalangiza kuti nyengo yoyeserera yaulere muziiletsa kutatsala maola 24 kapena kuposerapo. Makampani ena, makamaka a malo olimbitsira thupi, amafuna kuti muwadziwitse mwezi wathunthu musanachoke, kotero malipiro amodzi obwera mutaletsa amakhala oyenera malinga ndi zimene munasayinira.

Ndiye pali mgwirizano wa chaka chonse koma wolipira pang'onopang'ono mwezi ndi mwezi. Ambiri amauona ngati wa pamwezi chifukwa mtengo umene umaoneka ndi wa pamwezi. Mukaletsa pakati pa chaka amakulipiritsani chindapusa, kapena amapitiriza kudula mpaka chaka chikwane.

Ngati mwaona zonsezi ndipo palibe chimene chikukukhudzani, muli ndi uthenga wotsimikiza kuti munaletsa, ndipo ndalama zatuluka nyengo imene munalipira kale itatha, kulakwa n'kwa kampani. Ndalama zimenezo ndi zanu.

Ndi umboni wotani umene ndiyenera kusunga?

Woposa wonse ndi imelo kapena uthenga wochokera kwa iwo eni wonena kuti mwaletsa, chifukwa umakhala ndi tsiku ndi nthawi zimene sangazikane. Wachiwiri ndi chithunzi cha sikirini chosonyeza kuti mgwirizano waletsedwa. Ngati munaletsa polankhula ndi munthu pafoni, lembani tsiku, nthawi, dzina limene anakuuzani ndi nambala ya dandaulo, kenako atumizireni imelo tsiku lomwelo yonena kuti mukutsimikiza zimene mwakambirana. Ngati munapita ku ofesi, akudindireni sitampa pa kope ya kalata yanu.

Onjezani sitetimenti ya ku banki yosonyeza malipiro onse amene mukuwatsutsa. Ndipo mukangoletsa, lekani kugwiritsa ntchito chinthucho nyengo yolipiridwa ikatha. Kampani imaona nthawi iliyonse imene mwalowa, ndipo ikaonetsa banki kuti munaonera makanema mwezi umene mukufuna ndalama zake, mlandu wanu wafooka.

Amene alibe umboni uliwonse asataye mtima. Letsaninso lero moyenera kuti mukhale ndi tsiku lodziwika, kenako pemphani kampani ikuuzeni zimene zinalembedwa pa akaunti yanu pa tsiku limene mukukumbukira kuti munaletsa.

Ndiyambire kuti, ku kampani kapena ku banki?

Pofuna kuti ndalama zibwezedwe, yambani ku kampani. Ndi njira yachangu ikatheka, komanso banki nthawi zambiri imafunsa ngati munayesapo kukambirana ndi wogulitsa. Koma pofuna kuti malipiro ena asatulukenso, dziwitsani banki tsiku lomwelo, musadikire yankho la kampani.

Ngati ndalama zikudutsa pa Apple, pempho lobweza limaperekedwa pa `reportaproblem.apple.com`, posankha `Request a refund`. Pa Google Play, ngati sipanathe maola 48 chidulireni ndalama mukhoza kupempha kwa Google mwachindunji, ndipo nthawi imeneyo ikapitirira nthawi zambiri amakutumizani kwa eni apu. Adiresi yawo ya imelo imapezeka pa tsamba la apuyo mu Play Store.

M'kalata yofuna ndalama ndilembemo zotani?

Kalata yabwino ndi yaifupi, yopanda mkwiyo, yodzaza masiku ndi manambala. Amene akuiwerenga mwina akuyankha anthu ambirimbiri pa tsiku, choncho apeze zonse mosavuta. Mwachitsanzo:

> Ndinaletsa mgwirizano wanga pa 3 Malichi, ndipo munanditumizira uthenga wotsimikiza tsiku lomwelo. Kope yake ndaiphatika pano. Ngakhale zili choncho, mwadula madola 12 pa khadi langa lothera ndi manambala 4821 pa 15 Malichi, pa 15 Epulo ndi pa 15 Meyi. Sindinaloleze malipiro amenewa. Ndikufuna mundibwezere madola 36 onse pa khadi lomwelo pasanathe masiku 14, ndipo munditsimikizire polemba kuti mwafufuta khadi langa ndipo simudzadulanso. Tsikulo likadutsa ndikatsutsa malipirowa ku banki yanga.

Kwa kampani ya kunja mfundo zomwezi zilembedwe m'Chingelezi. Perekani manambala anayi omaliza okha a khadi. Nambala yonse, manambala atatu a kuseri kwa khadi, nambala yachinsinsi kapena nambala yotsimikizira imene imabwera pa uthenga, musapatse munthu aliyense. Kampani yeniyeni imabweza ndalama pa khadi lomwe inadulapo popanda kukufunsani zimenezi. Akuba amadikirira anthu amene akudandaula pa Facebook ndi kwina, n'kuwaimbira ngati akuchokera ku kampani kuti awathandize kubweza ndalama. Aliyense wokuuzani kuti mulipire kaye kuti ndalama zanu zimasulidwe ndi wakuba.

Ndili ndi nthawi yaitali bwanji yofunira ndalamazo?

Ku kampani mukhoza kufunsa nthawi iliyonse, koma mphamvu yanu yaikulu ili ku banki, ndipo kumeneko nthawi ndi yowerengeka. Pa makadi a Visa ndi Mastercard, malire a milandu ya mtundu uwu nthawi zambiri ndi masiku 120, ndipo amawerengedwa pa malipiro alionse paokhapaokha.

Tiyerekeze ndi nkhani ya m'kalata ili pamwambapa. Mphunzitsi wa ku Zomba analembetsa maphunziro a pa intaneti a madola 12 pamwezi, odulidwa pa 15 mwezi uliwonse. Analetsa pa 3 Malichi. Popeza anali atalipira kale pa 15 Febuluwale, anali ndi ufulu wophunzira mpaka pakati pa Malichi, ndipo madola a Febuluwale sangawafune. Koma pa 15 Malichi kampani inadula, pa 15 Epulo inadulanso, pa 15 Meyi chimodzimodzi. Iye anazindikira pa 20 Meyi atatenga sitetimenti.

Masiku 120 kuchokera pa 15 Malichi akuthera pa 13 Julayi. A malipiro a Epulo akuthera pa 13 Ogasiti. Akalemba kalata pa 21 Meyi n'kupereka masiku 14, ndiye kuti pofika pa 4 Juni akhala atadziwa ngati kampani ibweza kapena ayi, ndipo akadali ndi nthawi yokwanira yopita ku banki ndi malipiro onse atatu. Koma akalola kuti kampani imuzengereze ndi mawu oti tikufufuza mpaka kumapeto kwa Julayi, madola 12 a Malichi sangathenso kuwatsata kudzera pa khadi. Pakati apa palinso 15 Juni: ngati sanauze banki, padzakhala malipiro achinayi.

N'chifukwa chake timalimbikira zoti muike tsiku lomalizira m'kalata yanu ndi kulisunga. Banki nayonso imafuna masiku okonzera mapepala, choncho musapite pa tsiku la 119.

Kutsutsa malipiro ku banki kumayenda bwanji?

Pitani ku nthambi ya banki yanu kapena lembani ku gawo loona za makadi, munene kuti mukufuna kutsutsa malipiro. Pa fomu mudzaona mawu akuti `dispute` kapena `chargeback`. Chifukwa chimene musankhe ndi `cancelled recurring transaction`, kutanthauza malipiro obwerezabwereza amene munawaletsa. Kwa Visa mlandu umenewu nambala yake ndi 13.2. Perekani umboni umene tautchula kale pamodzi ndi kalata yanu yopita ku kampani ndi yankho lawo ngati lilipo, ndipo musachoke opanda nambala ya dandaulo.

Banki yanu imatumiza mlanduwo ku banki ya wogulitsa kudzera kwa Visa kapena Mastercard. Wogulitsa amapatsidwa mpata woyankha. Akalephera kuyankha kapena kutsutsa umboni wanu, ndalama zimabwerera kwa inu. Akabweretsa umboni woti simunaletse, kapena woti munapitiriza kugwiritsa ntchito, mukhoza kuluza, ndipo ngati banki inakuikirani kale ndalamazo mongoyembekezera imazitenganso. Zonsezi zimatenga masabata angapo, pena miyezi.

Musanene kuti simukuidziwa kampaniyo kapena kuti khadi lanu linabedwa pamene munalembetsa nokha. Ena amatero poganiza kuti ndi njira yachidule. Banki imautenga ngati mlandu wa kuba, kampani imaonetsa kuti akauntiyo ili m'dzina lanu ndi imelo yanu, ndipo mlandu umene munali nawo wabwinobwino umagwa chifukwa cha bodza.

Dziwaninso kuti makampani ambiri amatseka akaunti ya munthu amene wawatsutsa ku banki. Ngati ndi kampani imene mwathana nayo, palibe vuto. Koma ngati malipiro anadutsa pa Google kapena Apple, yesetsani kaye njira zawo zonse, chifukwa kutsutsa ku banki kukhoza kuchititsa kuti akuletseni kugula zinthu pa akaunti imene foni yanu yonse imadalira.

Ngati khadi lanu ndi lolumikizidwa ku ndalama za pafoni osati ku banki, dandaulo limapita ku kampani imene inakupatsani khadilo.

Bwanji ndingotseka khadi kapena kusiya akaunti yopanda ndalama?

Njira imeneyi imaoneka yosavuta koma siidalirika. Visa ndi Mastercard ali ndi dongosolo limene limapereka nambala za khadi latsopano kwa makampani amene anasunga lakale, kuti malipiro asaduke khadi likatha ntchito. Ngati banki yanu ili m'dongosolo limeneli, mudzadabwa khadi latsopano likudulidwa ndi kampani yomwe ija. Potenga khadi lina, auzeni a banki kuti chifukwa chake n'kuimitsa kampani yakutiyakuti, ndipo afunseni ngati angaitsekere njira.

Kusiya akaunti yopanda kanthu kumangochedwetsa. Kampani imayesa kudula kangapo masiku otsatizana, ndipo tsiku limene malipiro anu a kuntchito alowa imapeza ndalama. Komanso kutseka khadi sikuthetsa mgwirizano. Kwa kampani ya makanema zimathera pongokutsekerani, koma kwa malo olimbitsira thupi kapena kampani imene munasayina nayo mgwirizano wa chaka, mumaoneka ngati muli ndi ngongole ndipo akhoza kukutumizirani otolera ngongole. Tsekani khadi mutaletsa kale polemba.

Akuti malamulo awo salola kubweza ndalama, kapena akufuna kundipatsa miyezi yaulere. Ndivomere?

Lamulo loti ndalama sizibwezedwa limakhudza munthu amene walipira mwakufuna kwake kenako n'kusintha maganizo. Silikhudza ndalama zimene atenga mutawalanda kale chilolezo. Ayankheni mwachidule kuti simukupempha chifundo pa mwezi umene munagula, mukufuna ndalama zimene anadula popanda chilolezo, ndipo nkhaniyi ipite kwa wamkulu wawo. Yankho loyamba nthawi zambiri limakhala lolembedwa kale loperekedwa kwa aliyense, ndipo lachiwiri ndi limene munthu amakhala atawerengadi.

Za miyezi yaulere, chenjerani. Kuilandira kumatanthauza kutsegulanso mgwirizano, ndipo miyeziyo ikatha kudula kumayambiranso. Kumaperekanso mpata woti kampani iuze banki kuti munagwirizana kale. Akakupatsani gawo chabe la ndalama, mwachitsanzo mwezi umodzi mwa itatu, mukhoza kulandira koma lembani momveka kuti mukufunabe zotsalazo.

Nanga mayunitsi amene amangotha okha pafoni?

Ndi vuto lomweli, kungoti ndalama zikudulidwa pa mayunitsi osati pa khadi. Nyimbo zomvera amene akukuimbirani, mauthenga a zampira, magemu ndi zina zotero zimadula pang'onopang'ono tsiku lililonse kapena sabata iliyonse, moti munthu sazindikira msanga. Ambiri amalowamo atadina uthenga wotulukira pa sikirini osauwerenga.

Imbani kapena pitani ku ofesi ya kampani ya foni yanu, mupemphe mndandanda wa zonse zolipira zimene zili pa nambala yanu, tsiku limene chilichonse chinayamba ndi njira imene chinalowera. Auzeni azichotse, akutumizireni uthenga wotsimikiza, ndipo sungani uthengawo. Ngati apitiriza kudula pambuyo pake, funani kuti mayunitsiwo abwezedwe kuyambira tsiku la uthengawo. Njira ya Visa ndi Mastercard siigwira ntchito pano. Kampani ikakana, ku Malawi nkhani zoterezi zimapita ku MACRA, ku Zambia ku ZICTA, ndipo onsewa amafuna kuona kuti munayamba mwadandaula ku kampaniyo.

Akuti abweza, koma sindikuziona. Kapena zabwera zosakwana.

Ndalama zobwezedwa pa khadi sizifika nthawi yomweyo. Zimatenga masiku angapo ogwira ntchito, ndipo Apple imanena kuti pa khadi zikhoza kutenga mpaka masiku 30. Nthawi zina sizibwera ndi uthenga wa pafoni, choncho yang'anani sitetimenti yeniyeni. Onaninso ngati sanaziike pa akaunti yanu ya mu apu ngati ndalama zogulira zinthu zawo zomwezo. Kumeneko si kubweza.

Masabata awiri akadutsa, pemphani kampani ikupatseni nambala yotchedwa `ARN`, ya manambala 23, imene banki yanu ingagwiritse ntchito pofufuza kumene ndalamazo zaima. Kampani imene ikunena kuti inabweza koma ikulephera kupereka nambala iliyonse yolondolera, itengeni ngati sinabweze.

Za kuchepa, kumbukirani kuti kampani ya kunja imabweza madola amene inatenga, osati makwacha amene anatuluka m'akaunti mwanu. Banki imasintha madolawo pa mtengo wa tsiku limene abwera, ndipo mtengo umene imagulira dola ndi wotsika kuposa umene imagulitsira. Ndalama zimene banki inadula ngati mtengo wa ntchito yake pa malipiro akunja nthawi zambiri sizibwerera zokha. Mukhoza kuipempha banki kuti ibweze zimenezo, makamaka mlandu ukakukomerani. Pena zimakhala mwina: amene anadulidwa kwacha isanatsike mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 n'kubwezeredwa pambuyo pake, madola omwewo anawapatsa makwacha ochuluka.

Ndili ku South Africa kapena ku Britain. Kodi malamulo ndi osiyana?

Inde, ndipo m'maiko onse awiriwa muli ndi mphamvu zoonjezera.

Ku South Africa, lamulo la Consumer Protection Act la chaka cha 2008, ndime 14, limalola munthu kuletsa mgwirizano wa nthawi yoikika, monga wa foni kapena wa malo olimbitsira thupi, podziwitsa kampani polemba masiku 20 ogwira ntchito asanachoke. Kampani ikhoza kulipiritsa chindapusa, koma chikhale choyenera. Mgwirizano woterowo ukafika kumapeto osaletsedwa umapitirira mwezi ndi mwezi, choncho musaganize kuti zaka ziwiri zikatha uima wokha. Malipiro ambiri kumeneko amadulidwa m'akaunti mwachindunji, ndipo mabanki amalola kuwatsutsa pa apu yawo pomwepo, koma nthawi yochitira zimenezi ndi yochepa, kotero chitani mwezi womwewo. Amene analowa mu DebiCheck, aja munawavomereza nokha pafoni, savuta kuimitsa koma amavuta kubweza ngati ndalama ndi tsiku zikugwirizana ndi zimene munavomera. Za mayunitsi odulidwa ndi makampani a mauthenga zimapita ku WASPA, bungwe loyang'anira makampani amenewa.

Ku Britain, malinga ndi Payment Services Regulations 2017, mukauza banki kuti ileke kulipira kampani inayake pa khadi lanu, iyenera kuimitsa, ndipo singakukakamizeni kuti muyambe mwakalankhula ndi kampaniyo. Bola mwaiuza lisanathe tsiku logwira ntchito lotsogolera tsiku la malipiro. Ndalama zilizonse zotuluka pambuyo pake zimaonedwa ngati zosaloledwa ndipo banki iyenera kubweza. Muli ndi miyezi 13 yonenera za malipiro osaloledwa. Ngati mumalipira kudzera pa Direct Debit, pali chitsimikizo chakuti pakachitika cholakwa banki imabweza zonse nthawi yomweyo. Banki ikakana, dandaulo limapita kwa Financial Ombudsman Service, kwaulere, pasanathe miyezi 6 chilandirireni yankho lomaliza la banki. Koma zimene tanena pa funso la kutseka khadi zikugwirabe ntchito: kuimitsa malipiro sikufufuta ngongole ngati mgwirizano sunathe.

Kampani yakana, banki sikundithandiza. Ndipite kuti?

Zimatengera amene akukulakwirani. Ngati ndi kampani imene ikuchita malonda ku Malawi, kadandauleni ku Competition and Fair Trading Commission, bungwe la boma loteteza ogula. Bungwe la CAMA nalo limalandira madandaulo a ogula ndipo limatha kukulankhulirani, ngakhale lilibe mphamvu zolamula ngati za boma. Ku Zambia ntchito imeneyi ili m'manja mwa Competition and Consumer Protection Commission.

Ngati vuto ndi banki, mwachitsanzo yakana kulandira fomu yanu yotsutsa malipiro kapena yangokhala chete, lembani kaye kwa oona madandaulo m'banki momwemo, ndipo zikakanika pitani ku Reserve Bank of Malawi, imene imayang'anira mabanki ndi makampani a ndalama za pafoni. Ku Zambia ndi Bank of Zambia. Kulikonse mudzafunsidwa zinthu zomwezija: tsiku loletsa, sitetimenti, makalata ndi nambala ya dandaulo.

Kampani ya kunja imene ilibe ofesi m'dziko muno ndi yovuta kuti mabungwe athu aigwire, ndipo kuisumira ku khoti chifukwa cha madola 36 kungakudyereni ndalama zoposa pamenepo. Pa makampani oterewa njira ya khadi ndi imene ili ndi mphamvu, choncho limbikirani ku banki masiku 120 aja asanathe. Kwa kampani ya konkuno, ndalama zikakhala zambiri, bwalo la majisitireti limamva milandu ing'onoing'ono ya ndalama ndipo munthu akhoza kudziimira yekha popanda loya. Musanasume, tumizani kalata yomaliza yotchula ndalama zonse, tsiku lomalizira kulipira, ndi mawu oti likadutsa nkhaniyi ipita ku khoti.